Miphika ya dothi yong'aluka pamoto: kupeza gwero la vuto ndi kuwerengera malire ake

Kwa zaka zingapo ndakhala ndikuthandiza gulu lina la amayi oumba miphika ndi mbaula za dothi m'boma la Nkhotakota, ndipo dandaulo limene limabwera mobwerezabwereza ndi limodzimodzi. Mphika umatuluka mu uvuni uli bwinobwino, ukagogodedwa umalira mokoma, wogula amautenga akusangalala, koma pasanathe sabata ziwiri amabwera nawo uli ndi mng'alu. Mayi wina wa kufupi ndi Chia anafika ndi wake ataukulunga m'chitenje, nanena kuti: "Amayi, ine sindinaugwetse ayi. Nyemba zinauma madzi ndili kudambo, ndiye nditabwera ndinangothiramo madzi a mumtsuko, pomwepo ndinamva kaphokoso ngati kamtengo kouma kathyoka." Oumba anayamba kukayikira dongo, ena anati nkhuni zowotchera zinachepa, koma chimene mayiyo ananena chinali kale yankho lonse.

Chimene chimang'alula mphika si kutentha pakokha. Mphika umenewo unapirira moto wa mu uvuni wa madigiri 700 kapena 800, choncho moto wa pamafuwa sungaugonjetse chifukwa cha ukali wokha. Chimene chimaung'alula ndi kusiyana kwa kutentha pakati pa mbali ziwiri za mphika womwewo pa nthawi imodzi, pamene mbali ina ikufuna kufutukuka kapena kukhwinyata koma inzake ikuikaniza.

Yambani ndi kuwerenga mng'alu

Musanasinthe dongo kapena kawotchedwe, muyenera kutsimikiza kaye kuti mng'aluwo ndi wa kutentha, chifukwa pali mitundu ina itatu imene anthu amaisokoneza nawo, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Mng'alu wa pouma umakhala wotseguka, wa m'mbali mokhakhala, ndipo kawirikawiri umapezeka pansi pa mphika kapena pamene woumba analumikiza dongo. Mukathyola phale n'kuyang'ana mkati mwa mng'aluwo, mumapeza kuti ndi wofiira ngati kunja kwa mphika, kusonyeza kuti moto unalowamo mng'aluwo ulipo kale. Dongo likamauma limakhwinyata ndi magawo 5 mpaka 8 pa 100 alionse, ndipo zimenezi n'zochuluka kwambiri poyerekeza ndi kufutukuka kwa pamoto, kotero mphika woumitsidwa padzuwa la Okutobala kapena pamphepo umang'aluka moto usanaukhudze n'komwe. Mtundu wachiwiri ndi kuphulika kwa nthunzi, kumene kumachitika moto utangoyatsidwa mu uvuni ngati mphika unalowa usanaumitsitse. Apa chibenthu chathunthu chimachoka pamalo pochindikala, nthawi zambiri ndi phokoso lalikulu. Mtundu wachitatu ndi wodziwika kwambiri kuno kunyanja. Ndi timaenje tating'ono tokhala ndi kadontho koyera pakati, timene timatuluka patapita masiku kapena masabata chiwotchere. Timabwera ndi tizigoba ta nkhono ta mumchenga wa kunyanja, timene moto ukapitirira madigiri 700 mpaka 800 timasanduka laimu, ndipo laimuyo akayamwa chinyezi cha mumpweya amatupa n'kubenthula khoma. Kuti mudziwe ngati mchenga wanu uli ndi zigoba, dontheserani viniga kapena madzi a ndimu pa mchenga wouma. Ukachita thovu, usalowe m'dongo.

Mng'alu wa kutentha ndi wosiyana ndi yonseyi. Umakhala wopyapyala ngati tsitsi, wa m'mbali mwakuthwa, mbali zake ziwiri zimagwirizana ndendende, ndipo nthawi zina simuuona ndi maso koma mumaumva, chifukwa mphika umene unkalira mokoma ukagogodedwa tsopano umalira mogontha. Malo amene wayambira amakuuzani chimene chinachitika. Dothi lowotcha ndi lolimba kwambiri likamapanikizidwa, koma ndi lofooka likamakokedwa, mwina kufooka kakhumi. Choncho mng'alu umayambira nthawi zonse kumbali imene ikukokedwa, ndipo mbali imeneyo ndi yozizirirapo. Mukathira madzi ozizira mumphika wotentha, khungu la mkati limafuna kukhwinyata pamene khoma lonse likadali lofutukuka, ndiye ming'alu imayambira mkati, pansi. Mukaika mphika wozizira pa moto waukulu, pansi pamafutukuka pamene kukamwa kukadali kozizira, ndiye kukamwa kumakokedwa ndipo mng'alu umayambira pamlomo n'kutsika. Pa mbaula ya dothi, mkati mumatentha kunja kukadali kozizira, ndipo mng'alu umakonda kuyambira pangodya ya khomo lolowetsera nkhuni.

Kufutukuka n'kochepa, koma dothi silitha kugonja

Anthu ambiri amadabwa akamva kuchepa kwa kufutukuka kumeneku. Dothi lowotcha limatalika ndi magawo pafupifupi 6 pa miliyoni pa digiri iliyonse. Mphika wa mamilimita 250 m'mimba mwake, ukatentha ndi madigiri 300, umakula motere, pamene α ndi kufutukuka kuja, L ndi kukula kwa mphika, ΔT ndi kusintha kwa kutentha, ndipo ΔL ndi kukula kowonjezereka:

```
ΔL = α × L × ΔT
ΔL = 0.000006 × 250 mm × 300 = 0.45 mm
```

Sikufika ngakhale theka la milimita. Sefuliya ya aluminiyamu imafutukuka pafupifupi kanayi kuposa pamenepa, magawo 23 pa miliyoni, koma sing'aluka, ndipo zifukwa zake ndi ziwiri. Choyamba, chitsulo chikakokedwa mopitirira chimapindika pang'ono n'kukhala momwemo, pamene dothi lowotcha lilibe njira yopindikira. Likakokedwa kupitirira gawo limodzi pa 1,000 limangoduka. Chachiwiri, aluminiyamu amayendetsa kutentha mofulumira kwambiri, kuposa dothi ka 200 kapena kuposerapo, kotero palibe mbali ya sefuliya imene imatsalira kwambiri pa inzake. Dothi limasunga kutentha pamene kwafikira, ndipo khalidwe lomweli, limene limachititsa kuti nyemba za mumphika zipse bwino ndi kukhala zotentha nthawi yaitali, ndilo limalola kuti mbali ziwiri za khoma limodzi zisiyane ndi madigiri mazana.

Kuwerengera koyamba: madzi ozizira mumphika wouma

Pali njira yachidule yoyerekezera kusiyana kwa kutentha kumene chinthu chingapirire mwadzidzidzi. Katswiri wa zinthu zowotcha W. D. Kingery anaifotokoza bwino mu 1955, ndipo ikugwiritsidwabe ntchito.

```
ΔT = σ × (1 − ν) / (E × α)
```

Chilembo cha σ chikuimira mphamvu ya dothi likamakokedwa. Chilembo cha E chikuimira kuuma thupi kwake, ndiko kuti mphamvu imene ikufunika kuti litalike pang'ono. Chilembo cha α ndi kufutukuka kuja kwa magawo 6 pa miliyoni. Nambala yotsalayo, ν, imene pa dothi imakhala pafupifupi 0.2, imangokonza chiwerengero chifukwa khungu la mphika limakokedwa mbali ziwiri nthawi imodzi. Dongo la dambo lililonse lili ndi khalidwe lake, choncho titenge manambala ozungulira oyenera dothi lowotchedwa pa moto wa nkhuni: mphamvu ya 10, ndi kuuma thupi kwa 10,000, zonse m'mamegapasikali, muyeso wa mphamvu yokoka kapena yopanikiza chinthu.

```
ΔT = 10 × 0.8 / (10,000 × 0.000006)
ΔT = 8 / 0.06 = 133
```

Tanthauzo lake n'lakuti khungu la mphika likazizira mwadzidzidzi ndi madigiri opitirira 130 kapena pamenepo, khoma lonse lisanatsatire, ming'alu imayamba. Tsopano tibwerere kwa mayi wa ku Chia uja. Mphika ukakhala ndi madzi, mkati mwake simupitirira madigiri 98, amene ndi powirira madzi kuno kunyanja, ndipo kuthiramo madzi a madigiri 25 kumabweretsa kusiyana kwa 73 kokha, kumene kuli pansi pa malire. N'chifukwa chake amayi amawonjezera madzi ozizira m'ndiwo tsiku ndi tsiku popanda vuto. Koma madzi akaphwa, palibenso chimene chikuchotsa kutentha, ndipo pansi pa mphika pamatha kufika madigiri 300 m'mphindi zochepa. Madzi a mumtsuko akagwera pamenepo kusiyana kumakhala 275, kuwirikiza kawiri malire aja. Mphika womwewo, madzi omwewo, koma zotsatira zake n'zosiyana chifukwa cha mphindi khumi zimene unakhala wouma.

Chiwerengero chomwechi chimafotokozanso chimene aliyense anachionapo, tambula ya galasi yosweka ndi tiyi. Galasi wamba ali ndi mphamvu ya pafupifupi 50, kuuma thupi kwa 70,000 ndi kufutukuka kwa magawo 9 pa miliyoni, ndipo yankho limatuluka pafupifupi madigiri 60. Madzi owira m'tambula yozizira amapitirira pamenepo. Galasi la m'malabotale a kusukulu limafutukuka ndi magawo 3.3 okha, ndipo malire ake amakwera pafupifupi katatu. Onani kuti galasi ndi lamphamvu kasanu kuposa mphika, komabe limapirira zochepa, chifukwa ndi louma thupi kasanu ndi kawiri.

Ndiyenera kunena kuti chiwerengerochi chimaonetsa choipitsitsa chimene chingachitike, pamene khungu lafika msangamsanga pa kutentha kwa chinthu chimene chalikhudza. Madzi amachita pafupifupi zimenezo pa dothi, chifukwa amalanda kutentha mwachangu kuposa mmene dothi lingakubwezeretsere kuchokera mkati. Mpweya wodekha umalanda pang'onopang'ono, kotero mphika wa madigiri 300 wophulidwa n'kuikidwa paphulusa louma umazizira popanda ngozi. Simenti yonyowa, mchenga wonyowa ndi madontho a mvula zili mbali ya madzi.

Kuwerengera kwachiwiri: pansi pochindikala

Vuto lina linatitengera nthawi yaitali kuti tilimvetse. Miphika ina inkang'aluka pa tsiku loyamba kuphikira, ili ndi madzi, popanda wina kulakwitsa chilichonse. Titaswa ingapo ndi kuyeza mapale ndi rula, tinapeza kuti yonse yong'aluka inali ya woumba mmodzi, mayi wakhama kwambiri amene ankasiya dongo lambiri pansi poganiza kuti akulimbitsa mphika. Khoma lake linali mamilimita 8 m'mbali, koma pansi panali 12 mpaka 14.

Kuti kutentha kudutse khoma, kunja kuyenera kutentha kuposa mkati, ndipo kusiyanako kumakula khoma likachindikala komanso moto ukakula. Ukulu wa moto mungauyeze ndi wotchi. Ngati malita 5 a madzi awira m'mphindi 25 kuchokera pa madigiri 25, ndiye kuti kutentha kolowa m'madzi ndi pafupifupi mawati 1,000. M'chiwerengerochi 4,200 ndi kutentha kofunika kukweza lita imodzi ya madzi ndi digiri imodzi, ndipo 1,500 ndi masekondi a m'mphindi 25.

```
5 × 4,200 × 73 / 1,500 s ≈ 1,000 W
```

Pansi pa mphika wa masentimita 25 pali malo okwana pafupifupi 0.05 ya sikweya mita. Tikayerekeza kuti kutentha konse kukudutsira pansipo, zikutanthauza mawati 20,000 pa sikweya mita. Nambala imeneyi ndiyo q, kuchindikala kwa khoma m'mamita ndi t, ndipo k ndi kayendetsedwe ka kutentha, kamene pa dothi lotere titenge 0.8.

```
ΔT = q × t / k
8 mm:  20,000 × 0.008 / 0.8 = 200
12 mm: 20,000 × 0.012 / 0.8 = 300
```

Apa malire si 133 ayi, koma kuwirikiza kawiri, pafupifupi 266. Chifukwa chake n'chakuti kutentha kukamatsika mwadongosolo kuchokera kunja kufika mkati, pakati pa khoma sipakokedwa kapena kupanikizidwa, ndipo nkhope iliyonse imasiyana ndi pakatipo ndi theka lokha la kusiyana konse. Ndiye khoma la mamilimita 8 lili pa 200, pansi pa malire, pamene la mamilimita 12 lili pa 300, pamwamba pa malire. Manambala amenewa ndi oyerekeza, popeza kutentha kwina kumalowera m'mbali ndipo mphika wozungulira pansi umagawa kukokako bwino kuposa wathyathyathya, koma akulozera kumene vuto lili. Mukaika sefuliya ya mamilimita 2 pa moto womwewo, kusiyana kwake sikufika ngakhale digiri imodzi.

Titawaonetsa mayiwo mapale awiri, lawo ndi la mnzawo, anakhala chete kanthawi kenaka anati: "Ndiye kuti ine ndimaupha ndi chifundo changa chomwe." Tinasema kamtengo kokhala ndi chizindikiro pa mamilimita 9, kuti dongo likadali lofewa azibaya pansi n'kuona kuchindikala, kenaka n'kutseka kabowoko bwinobwino ndi chala chonyowa. Tinasankha 9 chifukwa dongo likauma ndi kupsa limatsika kufika pafupifupi 8.

Kuchindikala kuli ndi chotsatira china chokhudza nthawi. Kutentha kumatenga pafupifupi mphindi ziwiri kuti kudutse khoma la mamilimita 8, koma khoma likachindikala kawiri nthawiyo imachuluka kanayi. Khoma la mbaula la mamilimita 30 limafuna pafupifupi theka la ola. N'chifukwa chake mphika umangofuna mphindi zitatu kapena zisanu za moto wa tinkhuni ting'onoting'ono musanasonkhezere, pamene mbaula yatsopano kapena yonyowa ndi mvula imafuna kuleza mtima kwenikweni.

Ming'alu yobisika yochokera mu uvuni

Nthawi zina wogula sanalakwitse, khoma ndi lofanana, koma mphika umang'alukabe pa moto woyamba. Pamenepa kawirikawiri mng'alu unabadwira mu uvuni, uli waung'ono kwambiri, ndipo moto wa kunyumba wangoutsegula.

Mchenga wambiri wa m'dongo ndi mwala wotchedwa kwatsi. Mwala umenewu uli ndi khalidwe lachilendo: ukafika madigiri 573 umatupa mwadzidzidzi ndi pafupifupi gawo limodzi pa 100, ndipo pozizira umabwerera mwadzidzidzinso pa digiri yomweyo. Pokwera moto vutoli limakhala lochepa, chifukwa dongo limakhala lisanagwirane. Pozizira ndi pamene pali ngozi, popeza mphika wauma kale thupi, ndipo ngati mbali imodzi yadutsa 573 inzake isanafike, mbali ziwirizo zimakokana mwamphamvu. Simufunika chipangizo choyezera kuti mudziwe nthawi imeneyi. Dothi limayamba kuoneka lofiira pang'ono mumdima pakati pa madigiri 500 ndi 600, choncho nthawi imene kufiira kwa miphika kukuzilala usiku ndiyo nthawi imene uvuni uyenera kukhala wotsekeka kwambiri.

Kuno chimene chimatisokoneza ndi mwera. M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo imeneyi imawomba mwamphamvu kuchokera kummwera, ndipo ikalowa pakhomo la uvuni imaziziritsa miphika ya mbali imodzi yokha. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona ngati musunga dongosolo potulutsa: yong'aluka yonse imakhala ya kufupi ndi khomo kapena ya pamwamba, ndipo ming'alu imakhala kumbali imene inayang'ana mphepo. Ife tinayamba kulemba ndi khala pansi pa mphika uliwonse malo amene unakhala, ndipo kuwotcha kuwiri kokha kunatikwanira kuona zimenezi. Njira yake ndi kumata khomo ndi mabowo onse ndi njerwa ndi matope moto ukangotha, kukwirira pamwamba ndi mapale ndi phulusa, kuika mpanda wa udzu patali pang'ono kumbali ya mphepo, ndi kusatsegula mpaka dzanja litatha kugwira mphika osapsa. Chilakolako chofuna kuona ngati yapsa bwino, kapena kuthamangira tsiku la msika, chaononga miphika yambiri kuposa dongo loipa.

Chifukwa chake kuwotcha kwambiri sikuthetsa vutoli

Ming'alu ikachuluka, maganizo oyamba a aliyense amakhala owonjezera nkhuni kuti miphika ilimbe. Ndimatsutsana nawo maganizo amenewa pa miphika yophikira, ndipo chiwerengero choyamba chija chikusonyeza chifukwa chake. M'chiwerengerocho mphamvu imagawidwa ndi kuuma thupi, ndipo moto waukulu umakweza zonse ziwiri. Tiyerekeze dothi lowotchedwa mpaka kugwirana ngati mbale za m'sitolo, lokhala ndi mphamvu 50 ndi kuuma thupi 60,000. Yankho limatuluka madigiri 111, kutsika pang'ono poyerekeza ndi 133, ngakhale kuti mphamvu yakwera kasanu.

Palinso china chachikulu kuposa pamenepa, chimene D. P. H. Hasselman anachifotokoza mu 1969: kuyamba kwa mng'alu ndi nkhani ina, kuyenda kwake ndi nkhani inanso. Chinthu cholimba ndi chogwirana chimasunga mphamvu yambiri chisanaduke, ndipo mng'alu ukangoyamba umathamanga ulendo umodzi mpaka mbali ina. Dothi la timabowo ndi timiyala silisunga mphamvu yochuluka, ndipo mng'alu ukayamba umakumana ndi kanjere n'kukhota, umakumana ndi kabowo n'kuima. Mphika wotere umatha kukhala ndi timing'alu tambirimbiri tosaoneka n'kumaphikabe zaka. Apa ndi pamene nzeru ya makolo yosinja mapale akale n'kusakaniza m'dongo imagwirizana ndendende ndi masamu.

Mapale osinja ndi abwino kuposa mchenga chifukwa ndi dothi lomwelo, ndipo amafutukuka mofanana ndi khoma lowazungulira. Asinjeni mumtondo wosiyana ndi wa chakudya, mutawawaza madzi pang'ono kuti musapume fumbi lake, lomwe ndi loipa m'mapapo. Sefani kuti mutsale ndi njere za milimita imodzi kapena awiri, ndipo yambani ndi muyeso umodzi wa mapale pa miyeso itatu kapena inayi ya dongo. Mankhusu a mpunga, amene kuno sasowa, amapsa mu uvuni n'kusiya timabowo, ndipo amathandiza pa mbaula chifukwa amachepetsa kuuma thupi ndi kusunga kutentha mkati. Koma pa mphika samalani nawo, popeza timabowo timachedwetsa kuyenda kwa kutentha, zimene zimakweza kusiyana kuja kwa kunja ndi mkati, ndiponso mphika umayamba kudontha. Malire enanso ndi akuti miphika yosapsa mokwanira imasungunuka ikanyowa, choncho cholinga si kuchepetsa moto mpaka dongo likhale losapsa, koma kufika pofiira bwino mofanana paliponse n'kuimira pomwepo.

Kuyesa musanawotche uvuni wathunthu

Musasinthe kasakanizidwe pa miphika yonse nthawi imodzi. Umbani timatailosi ta masentimita 10 mbali zonse ndi mamilimita 8 kuchindikala, tisanu pa kasakanizidwe kalikonse: topanda mapale, ta muyeso umodzi pa inayi, ndi ta umodzi pa itatu. Lembani chizindikiro dongo likadali lofewa, ndipo tiwotchereni pamodzi pakati pa uvuni. Tikazizira, gogodani kalikonse ndi supuni mutakagwira pangodya, n'kusunga m'mutu kaliridwe kake. Kenaka ikani tonse pa makala oyaka kwa mphindi khumi, ndipo titengeni ndi chopanira n'kutiponya m'ndowa ya madzi, nkhope yanu ili kutali chifukwa tizibenthu timatha kuuluka. Tiumitseni bwino, gogodaninso, ndipo bwerezani mpaka kasanu. Kuumitsa n'kofunika, chifukwa tailosi yonyowa ikabwerera pamakala imaphulika ndi nthunzi, ndipo mungaganize kuti ndi mng'alu wa kutentha.

Chimene mukuyang'ana si tailosi yosasintha n'komwe, chifukwa pa kusiyana kotere pafupifupi tonse timagontha pang'ono. Mukuyang'ana imene yagontha koma yakana kuduka ngakhale mutaipinda ndi manja. Titayesa ife, topanda mapale tinali tolira mokoma kuposa tonse poyamba, koma ndi tomwe tinaduka pakati msanga, pamene ta muyeso umodzi pa itatu tinamaliza maulendo onse tili tathunthu. Dongo lanu likhoza kupereka yankho lina, ndipo mukasintha malo okumba muyenera kuyesanso.

Pa kaumbidwe, chotsani ngodya zakuthwa paliponse, chifukwa kukoka kumaunjikana pangodya ndipo mng'alu umapezerapo poyambira. Khomo la mbaula likhale lozungulira pamwamba ndi losalazidwa m'mbali ndi chala chonyowa, osati lodulidwa ndi mpeni n'kusiyidwa. Pamene khoma likusintha kuchindikala, monga polumikiza zogwirira kapena timitu tokhazikapo poto, kusinthako kukhale kwapang'onopang'ono. Mlomo wa mphika ukhale wosalala, popeza kakubenthuka kakang'ono pamlomo ndi pamene mng'alu wotsika umayambira.

Zimene wogula ayenera kumva pogula

Amayi a gulu lathu tsopano sapereka mphika popanda mawu ochepa. Amauza wogula kuti asauike pamoto wopanda kanthu, ayambe ndi moto wochepa kwa mphindi zingapo, ndipo akauphula auike paphulusa, pankhata kapena pathabwa, osati pansi ponyowa. Mawu amene amawatsindika kwambiri ndi a nyemba zouma madzi, chifukwa zimenezi zimachitikira aliyense. Zikatero, mphika uphulidwe n'kusiyidwa uli wovundikira kwa mphindi khumi ndi zisanu kapena kuposerapo, kuti pansi pake patsike kufika pafupi ndi madigiri 150, ndipo madzi owonjezera akhale otentha, othiridwa pang'onopang'ono pamwamba pa ndiwo osati molunjika pansi. Madzi owira pa khoma la madigiri 150 amabweretsa kusiyana kwa 52 kokha. Pa mbaula, moto usazimitsidwe ndi madzi. Nkhuni zotsala zisololedwe n'kukazimitsidwa panja, ndipo mbaulayo isagone pabwalo nyengo ya mvula.

Mphika ukabwezedwa, musautaye musanauswe. Onani kumene mng'alu wayambira, mtundu wa mkati mwake ndi kuchindikala kwa khoma pamalopo, n'kulemba m'kope pamodzi ndi dzina la woumba ndi tsiku lowotcha. Mng'alu wodutsa khoma lonse sumatika ndi simenti kapena phala m'njira yoti mphika n'kubwereranso pamoto mosaopsa, chifukwa chomatiracho chimafutukuka mosiyana ndi dothi ndipo chingalekane nalo mphika uli wodzaza ndi madzi owira. Wa mayi wa ku Chia uja tinawasinthira ndi wina, ndipo wong'alukawo, titauyeza ndi kuulemba, tinausinja n'kuusefa kuti ulowe m'dongo la sabata yotsatira.